Ndalama zanga zili kuti? Mmene kampani ya ndalama za pafoni iyenera kuyankhulira ndi woyamba kumene

Munthu akapereka K50,000 kwa ajenti wa ndalama za pafoni, mapepala omwe anawagwira m'manja amalowa m'kabati ya munthu wina, iye n'kutsala ndi mizere itatu ya mawu pa foni. Amene anazolowera sawerenga n'komwe mizereyo, amangoponya diso pa nambala n'kubweza foni m'thumba. Koma kwa munthu amene akuchita izi koyamba, mawu amenewo ndiye ndalama zake. Alibe buku la kubanki, alibe lisiti la chidindo, ndipo palibe kalaliki woti amuyang'ane m'maso. Mawu aja akakhala osamveka, kwa iye ndiye kuti ndalama zasowa.

N'chifukwa chake makampani amene amasamala amakhala ndi buku la kayankhulidwe. Ndi kabuku ka mkati mwa kampani komwe kamauza aliyense wolemba m'dzina la kampaniyo mawu oyenera kugwiritsa ntchito ndi oyenera kuwapewa. Kamagwira kwa wolemba menyu ya pa foni, wolemba mauthenga otsimikizira, wojambula zikwangwani za maajenti, wokonza malonda a pa wailesi, ndi mtsikana kapena mnyamata amene amayankha kasitomala akaimba. Anthu amenewa amakhala m'maofesi osiyana, ena sadziwana n'komwe, koma kwa kasitomala onse ndi pakamwa pamodzi.

Mabuku ambiri oterewa amayamba ndi mawu okoma: kampani yathu ndi yansangala, ndi yamakono, ndi bwenzi lanu. Ine ndikuona kuti kumeneko n'kuyambira kolakwika. Buku la kampani yosunga ndalama za anthu liyenera kuyambira pa funso limodzi lomwe lili mumtima mwa kasitomala watsopano nthawi iliyonse akadina batani, loti ndalama zanga zili kuti tsopano. Malamulo ena onse, za ulemu, za kufupikitsa, za nthabwala, amabwera pambuyo pa funso limeneli.

Kuno kwathu nkhaniyi si yakale kwenikweni. Airtel Money inayamba mu 2012, TNM Mpamba mu 2013, patapita zaka zochepa Safaricom itayambitsa M-Pesa ku Kenya mu 2007. Anthu a m'tauni anazolowera msanga, koma tsiku lililonse pamakhala wina amene akuyamba: mlimi amene wogula wamuuza kuti amulipira pa foni, gogo amene mwana wake ali ku Joni, mtsikana amene wangolandira chiphaso cha unzika n'kulembetsa simu yake. Ambiri a iwo ali ndi kafoni ka mabatani. Kalembera wa 2018 anasonyeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu m'dziko muno sadziwa kulemba ndi kuwerenga, kutanthauza kuti mauthenga ambiri amachita kuwerengedwa mokweza ndi mdzukulu, mnansi kapena ajenti yemwe. Wolemba uthenga azikumbukira kuti mawu ake akamveka kudzera pakamwa pa mwana wa Sitandade 6.

Malo ochepa, nthawi yochepa

Tisanalowe m'mawu enieni, pali malire omwe wolemba sangawasunthe. Menyu yomwe imatuluka munthu akaimba nambala monga *211# ya Airtel Money kapena *444# ya Mpamba imanyamula zilembo zosapitirira 182 pa tsamba limodzi, kuwerengera ndi mipata yomwe. Menyuyi siidikiranso. Munthu akachedwa kuyankha, imaduka, ndipo amayambiranso pachiyambi. Tsono wowerenga pang'onopang'ono akapatsidwa chiganizo chachitali, nthawi imamuthera asanafike kumapeto kwake. Akadukidwa kawiri katatu, amapereka foni kwa ajenti n'kunena kuti, "Tandipangireni ndinu, achimwene," ndipo kawirikawiri amaperekera limodzi ndi nambala yachinsinsi.

Uthenga wa meseji nawo umanyamula zilembo 160. Apa pali kamsampha komwe kamagwira makamaka olemba Chichewa. Malire a 160 aja amagwira ngati zilembo zonse zili m'gulu la zilembo wamba zomwe mafoni onse amazidziwa. Mukangoikamo chilembo chimodzi chachilendo, monga ŵ wa chipewa, kapena kachizindikiro kopindika komwe kompyuta imaika yokha m'mawu ngati m'manja ndi ng'ombe, uthenga wonse umasinthira ku kalembedwe kena komwe malire ake ndi zilembo 70 zokha. Uthenga womwe unali umodzi umasweka kukhala zidutswa ziwiri kapena zitatu, ndipo komwe netiweki ndi yofooka chidutswa china chimatha kuchedwa. Choncho buku labwino limalamula kuti m'mauthenga a pa foni musamalowe ŵ, kachizindikiro kaja kazikhala kowongoka, ndipo uthenga uliwonse uziyesedwa pa kafoni ka mabatani usanapite kwa anthu.

Chichewa chimadya malo kuposa Chingerezi, ndipo ambiri amagonja pamenepa n'kuyamba kudula mawu kapena kubwerera ku Chingerezi. Njira yabwino ndi kudula mfundo, osati zilembo. Moni wautali, kuthokoza kasitomala chifukwa chosankha kampaniyo, ndi kumukumbutsa za mpikisano wa mwezi uno, zonsezo zituluke kuti chinthu chofunika chilembedwe ndi mawu athunthu.

Titsatire mayi Nabanda

Tiyerekeze mayi wina, timutche Nabanda, wogulitsa mbatata ya kachewere cha ku Ntcheu. Mwana wake ali pa sukulu ku Zomba ndipo akufunika K20,000. Nabanda waika K50,000 mu akaunti yake kwa ajenti, ndipo lero akufuna kutumiza yekha koyamba. Mitengo yomwe ndiitchule pano ndi yachitsanzo chabe.

Chinthu choyamba chimene akumana nacho ndi mndandanda wa zosankha. Lamulo la pano ndi loti chinthu chimodzi chizikhala ndi dzina limodzi paliponse. Ngati menyu ikuti "kutapa ndalama", chikwangwani cha ajenti chisanene "kutulutsa", ndipo wa pa wailesi asanene "kuchotsa". Onsewo ndi mawu abwino, koma munthu watsopano akawamva atatu amaganiza kuti ndi zinthu zitatu, mwina za mitengo itatunso. Buku la kayankhulidwe limasankha limodzi n'kulemba enawo pa mndandanda wa osagwiritsa ntchito. Posankha, wolemba apite akaime pafupi ndi ajenti pa msika amve zomwe anthu amanena okha. Ngati anthu amati akaunti, netiweki, balansi, palibe chifukwa chowapekera mawu atsopano omwe sanawamvepo. Chichewa cha m'buku chomwe palibe amachiyankhula chimasokoneza mofanana ndi Chingerezi.

Nabanda wasankha kutumiza, walemba nambala ya mwana wake, walemba 20000. Tsamba lotsatira ndi limene lili lofunika kuposa onse, chifukwa ndi mpata womaliza wobwerera. Kalembedwe komwe buku labwino limakana ndi monga aka:

```
Confirm trf of MWK20000.00 to
XXXXXXX417. Charges apply.
Enter PIN
```

Onani mavuto ake. Nambala 20000.00 ili ndi maziro asanu ndi limodzi, ndipo pa galasi laling'ono, dzuwa likuwomba, kadontho kaja sikaoneka. Munthu akhoza kuwerenga mamiliyoni awiri n'kuzimitsa foni chifukwa cha mantha. Dzina la wolandira palibe, choncho ngati chala chinaphonya nambala imodzi, palibe chomuchenjeza. Ndipo kunena kuti pali mtengo osautchula kuli ngati wogulitsa nyama amene wakukulungirani kale koma akukana kunena mtengo mpaka mutatsegula chikwama. Tsamba lomwelo likhoza kulembedwa motere:

```
Mukutumiza K20,000
kwa TADALA BANDA (...417)
Mtengo wotumizira: K500
Zonse: K20,500
1. Inde, tumizani
2. Ayi, bwererani
```

Ndalama zalembedwa momwe timalembera pa msika, K kutsogolo, kamkhwekhwe kolekanitsa masauzande, popanda matambala omwe palibe amawagwiritsanso ntchito pogula. Dzina lili m'zilembo zazikulu kuti diso ligwere pomwepo. Mtengo watchulidwa munthu asanavomere, ndipo kampani yamuwonkhetsera yokha. Njira yobwerera ili poyera, yolembedwa ndi ulemu wofanana ndi njira yopitirira. Ku Kenya, Safaricom inawonjezera pa M-Pesa mu 2015 njira yotchedwa Hakikisha, yoonetsa wotumiza dzina la wolandira ndi kumupatsa mpata wosintha maganizo, chifukwa kutumiza ku nambala yolakwika linali dandaulo la tsiku ndi tsiku.

Za mtengo ndiimepo pang'ono, chifukwa apa m'pamene a zamalonda ndi olemba buku amakangana. A zamalonda amakonda mawu oti "ulere". Ngati kutumiza n'kwaulere koma mwana wa Nabanda akadulidwa potapa ku Zomba, mawu oti ulerewo ndi theka la choona, ndipo theka linalo akalizindikirira pa kauntala ya ajenti, pomwe K20,000 ija yapunguka. Adzaganiza kuti ajenti wamubera, kapena mayi ake anatumiza zosakwana. Buku linene mosabisa kuti mawu oti ulere aloledwa pokhapokha ngati palibe chodulidwa chilichonse kuchokera kwa wotumiza mpaka ndalama zitafika m'manja mwa wolandira. Kupanda apo, nenani chomwe chili chaulere ndi chomwe si chaulere m'chiganizo chimodzi chomwecho, m'zilembo za msinkhu wofanana.

Zinthu zikavuta

Nabanda wadina 1, walowetsa nambala yake yachinsinsi. Pali zinthu zitatu zokha zomwe zingachitikire ndalama zake: zapita, sizinapite, kapena zili panjira. Uthenga uliwonse wobwera pamenepa uyenera kuyamba ndi chimodzi mwa zitatuzi, m'mawu oyambirira enieni, munthu asanatsitse n'komwe tsamba.

Zikapita, nkhani ndi yosavuta. Uthenga unene ndalama zingati, kwa yani, mtengo, zotsala, kenako nambala ya umboni kumapeto. Makompyuta amakonda kuyamba ndi nambala ya umboni ija, chifukwa kwa iwo ndiyo yofunika, koma mdzukulu akayamba kuwerenga mokweza zilembo ndi manambala khumi ndi awiri osakanikirana, gogo amakhala atasokonezeka kale. Iikidwe kumapeto, ndipo itchulidwe ntchito yake: sungani nambala iyi, ndiyo umboni wanu.

Zikakanika, kawirikawiri pamatuluka mawu monga awa:

```
Transaction failed.
Please try again later.
```

Uthengawu wayankha funso la kompyuta, koma la Nabanda sunaligwire. Chakanika n'chiyani? Ndalama zadulidwa kapena ayi? Walakwitsa ndi iye? Nanga "nthawi ina" ndi liti, pamene mwana akudikira ku Zomba? Buku la kayankhulidwe liyenera kupereka dongosolo lokhazikika la uthenga wa vuto: choyamba komwe kuli ndalama, chachiwiri chomwe chavuta, chachitatu choti munthu achite.

```
Ndalama sizinapite. K50,000 yanu
ikadali mu akaunti yanu. Vuto ndi
netiweki yathu. Yesaninso pakapita
mphindi 10.
```

Uthengawu sukufika zilembo 160, ndipo wanena zonse zitatu. Taonani mawu oti "yathu". Vuto likakhala la kampani, kampani ivomere poyera, chifukwa munthu watsopano amayamba wadziimba mlandu yekha. Amaganiza kuti wadina polakwika, kuti zinthu izi si za anthu ngati iye, ndipo ena sabwereranso. Vuto likakhala lake, asadzudzulidwe. Kusiyana kwa "Mwalemba nambala yolakwika" ndi "Nambala iyi ili ndi manambala 9 m'malo mwa 10, ionaninso" n'kwakukulu: woyamba ukuloza chala, wachiwiri ukuonetsa pokonza.

Choopsa kwambiri pa zitatu zija ndi cha panjira. Ndalama zachoka mu akaunti ya Nabanda koma sizinafike kwa mwana, mwina chifukwa zikudutsa kuchokera ku kampani ina kupita ku ina kapena ku banki, ndipo mbali inayo sinayankhe. Foni ikangokhala chete, kapena ikanena kuti zakanika pamene sizinakanike, Nabanda adzatumizanso. Madzulo zonse ziwiri zidzafika, K40,000 itapita ndi mitengo iwiri, ndalama ya mpamba wa mawa itapunguka. Apa mawu amodzi ndi amene amapulumutsa, ndipo ayenera kukhala pafupi ndi chiyambi:

```
K20,000 yanu ili panjira.
MUSATUMIZENSO. Tikuuzani pasanathe
ola limodzi ngati yafika kapena
yabwerera kwa inu.
```

Koma "ola limodzi" limenelo lisalembedwe chifukwa likumveka bwino. Wolemba akhale pansi ndi akatswiri a makina afunse kuti zoterezi zimatenga nthawi yaitali bwanji zikavutitsitsa. Ngati ndi maola 24, alembe maola 24. Mawu monga "posachedwa" ndi "pompano" buku liwaletse m'mauthenga a ndalama, chifukwa aliyense amawayeza ndi muyeso wake, ndipo amene akudikira ndalama muyeso wake ndi waufupi. Apa m'pamenenso pali malire a buku la kayankhulidwe. Ngati makina a kampani sangathe kusiyanitsa ndalama zomwe zakanika ndi zomwe zili panjira, palibe wolemba angakonze zimenezo ndi mawu okoma. Ntchito ya buku ndi kukakamiza funsolo kuti lifike kwa okonza makina.

Nambala yachinsinsi nayo ili ndi uthenga wake womwe ambiri amaulemba mochedwa. Kawirikawiri akaunti imatsekedwa munthu akaphonya katatu. Kumuuza atatsekeredwa kale sikumuthandiza. Auzidwe ataphonya kachiwiri kuti watsala ndi mwayi umodzi, ndipo akaunti ikatsekedwa, chiganizo choyamba chikhale choti ndalama zake zili bwino, palibe wazikhudza. Kwa munthu watsopano, "akaunti yatsekedwa" amamva ngati "ndalama zalandidwa".

Inu, osati iwe

Za ulemu sizifuna mawu ambiri, koma sizingasiyidwe. Kampani iziyankhula ndi kasitomala kuti inu, nthawi zonse: sankhani, lowetsani, yesaninso. Foni sidziwa ngati m'manja mwake muli mnyamata wa kabaza kapena nyakwawa ya zaka 70, ndipo mnyamata sakhumudwa akapatsidwa ulemu pamene mkuluyo amakhumudwa akautaya. Chiyankhulo cha achinyamata chikhoza kukoma pa chikwangwani cha mabando a intaneti, koma chisalowe mu uthenga wonena za ndalama za munthu. Nthabwala nazo zikhale kutali ndi uthenga wa vuto. Amene ndalama zake zaima panjira safuna kusekedwetsa.

Mbali inayo, ulemu usasanduke chiyankhulo cha kalata ya ku boma. "Tikufuna kukudziwitsani kuti pempho lanu lalandiridwa ndipo likuunikidwa" ndi mzere wathunthu womwe sunanene kanthu. Ulemu weniweni pa foni ndi inu, chonde mmodzi pomwe akufunika, pepani mmodzi pomwe kampani yalakwa, kenako nkhani. Ndipo kampani yomwe ikufuna makasitomala ku Rumphi kapena ku Mangochi idziwe kuti Chichewa sichimaliza ntchito. Buku lomwelo liyenera kulembedwanso ndi anthu amene Chitumbuka ndi Chiyao ndi zawo, osati kungopereka kwa womasulira mndandanda wa mawu.

Osamveka ngati wakuba

Pali chifukwa china chomwe chimapangitsa kayankhulidwe ka kampani ya ndalama kukhala nkhani ya chitetezo. Aliyense amene ali ndi foni m'dziko muno analandirapo uthenga woti ndalama ija mutumize pa nambala iyi, kapena kuimbiridwa ndi munthu wa mawu aulemu amene akuti akuchokera ku kampani ndipo akaunti yanu itsekedwa lero mukapanda kuchita zomwe akuuzeni. Ena amatumiza uthenga wonamizira kuti mwalandira ndalama, kenako n'kuimba akudandaula kuti analakwitsa nambala, muwabwezere. Akuba onsewa amadalira zida zitatu: changu, mantha, ndi mphoto yomwe simunaiyembekezere.

Tsono taganizirani kampani yeniyeni ikatumiza uthenga woti, "Mwayi wanu! Fulumirani, dinani pano lero lomwe kuti muwine!" Ikuphunzitsa makasitomala ake kuti kampani imayankhula mwa changu ndi mwa mphoto, ndipo mawa wakuba akayankhula chimodzimodzi, khutu silidabwa. Choncho buku liike mzere wosadumphika. Kampani isafulumizitse munthu pa nkhani ya ndalama zake. Isaopseze ndi kutseka akaunti pa maola ochepa. Isatumize uthenga woti mwawina wofuna kuti munthu aimbe nambala ina kapena alipire kaye. Mauthenga a malonda asadutse pa dzina lomwe limatumiza mauthenga a ndalama, kuti munthu adziwe kuti dzina ilo likalira, ndi za akaunti yake basi. Ngati pakufunika kuti makasitomala akonze kalembera wawo, uthenga upereke masiku okwanira ndi kuwatumiza ku ofesi kapena kwa ajenti wodziwika, osati kuwafunsa zinsinsi pa foni.

Pamwamba pa zonsezi pakhale chiganizo chimodzi chosasintha ngakhale chilembo, chonenedwa pa wailesi, pa chikwangwani, mu uthenga wolandirira kasitomala watsopano, ndi pakamwa pa woyankha mafoni: sitidzakufunsani nambala yanu yachinsinsi. Olemba amatopa ndi kubwereza ndipo amafuna kuchikometsa mwezi uliwonse. Asachikhudze. Mphamvu yake ili m'kufanana kwake, kuti tsiku lomwe munthu wina adzafunse nambalayo, Nabanda adzamve kuti mawuwa akusemphana ndi zomwe wakhala akumva. Ndipo chiganizochi chiphatikize ajenti. Kunena kuti "musauze munthu aliyense" sikukwanira, chifukwa kwa anthu ambiri ajenti si munthu aliyense, ndi kampaniyo. Nenani poyera kuti ngakhale ajenti, ngakhale ife.

Komabe tisanamizane. Wakuba akhoza kukopera uthenga wa kampani chilembo ndi chilembo. Kayankhulidwe kabwino sikamulepheretsa kutero. Chomwe sangathe ndi kusintha ndalama zomwe zili mu akaunti yanu. Choncho kampani iphunzitse chizolowezi chimodzi, ndi mawu omwewo nthawi zonse: uthenga ukanena kuti mwalandira ndalama, imbani menyu nokha muone balansi musanapereke katundu kapena kubweza kanthu. Ndipo munthu akaberedwa n'kuimba kudzadandaula, buku liuze woyankha choyamba kunena. Asayambe ndi kufunsa kuti munaperekeranji nambala yanu. Amene wachititsidwa manyazi amadula foni, ndipo nambala ya wakubayo siilembedwa. Ayambe ndi kutseka akaunti kuti zotsala zisapite, afunse nthawi ndi nambala, kenako anene zoona za zomwe zingatheke ndi zomwe sizingatheke, osalonjeza kubweza ndalama zomwe zatapidwa kale.

Kudziwa ngati mawu akugwira

Uthenga sumayesedwa mu ofesi, pomwe aliyense anafika ku koleji ndipo akudziwa kale tanthauzo lake. Umayesedwa pa msika, pa kafoni ka mabatani, ndi anthu ochepa chabe amene sanatumizepo ndalama okha, akazi ndi amuna, achikulire ndi achinyamata. Funso loti "mwamva?" ndi losathandiza, chifukwa mwa ulemu wathu munthu amayankha kuti eya kwa mlendo wovala bwino. Mafunso ake ndi awiri: ndalama zili kuti tsopano, ndipo muchita chiyani? Kenako uthenga womwewo uperekedwe kwa mwana wa sukulu auwerenge mokweza kwa munthu amene sakuona foni. Pomwe mwanayo wapunthwa, kapena pomwe womverayo wafunsa kuti "watinji?", ndi pomwe pakufunika kukonza.

Uthenga ukatuluka, zizindikiro zimaonekanso. Ngati anthu ambiri akuimba kufunsa ngati ndalama zadulidwa pambuyo pa uthenga wina wake, uthengawo sukuyankha funso loyamba lija. Ngati munthu mmodzi akutumiza ndalama zofanana ku nambala yomweyo kawiri m'mphindi zochepa, uthenga wa panjira ukulephera. Ngati anthu ambiri akudukira pa tsamba limodzi la menyu, tsambalo ndi lalitali kapena lili ndi mawu owaopsa. Maajenti amadziwa zonsezi kuposa wina aliyense, chifukwa ndi amene amamasulira mauthengawa tsiku lonse, ndipo buku lolembedwa popanda kuwafunsa limakhala ndi mabowo omwe iwo akanawaona pa tsiku loyamba.

Buku lotereli silifunika kukhala lalikulu. Mndandanda wa mawu osankhidwa ndi oletsedwa, kalembedwe ka ndalama ndi nthawi, dongosolo la mauthenga atatu aja, malamulo osafanana ndi akuba, ndi zitsanzo zenizeni za uthenga woipa pambali pa wabwino, zonsezi zikhoza kukwana pa masamba ochepa. Chofunika n'choti pakhale munthu mmodzi wa udindo wokana uthenga womwe waphwanya buku, ngakhale utachokera kwa bwana wa zamalonda.

Inu awerengi amene munazolowera kale, tsegulani mauthenga a ndalama omwe ali mu foni yanu, musankhe umodzi wa tsiku lomwe zinavuta, muwawerengere amayi anu kapena agogo anu mokweza, kenako muwafunse komwe ndalama zinali. Akalephera kuyankha, imbirani kampani yanu muiuze uthenga womwe sukumveka, ndipo pemphani nambala ya dandaulo lanu. Makampani onse otumiza ndalama pa foni m'dziko muno amayang'aniridwa ndi banki yaikulu ya Reserve Bank of Malawi, ndipo dandaulo lomwe kampani yalephera kulikonza mukhoza kukalitula kumeneko.